Mawu a mlendo wolemekezeka pamsonkhano wa okonza mayeso a ophunzira uphunzitsi ku Mutare

 

Ndikulankhula m'Chichewa mosachita manyazi, pakuti malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anachiika pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Boma tikuliyamika pa chimenechi. Agogo athu amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji ndi m'minda ya tiyi ku Honde akanakondwa kumva.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi. Timalemba nkhani yokoma yofotokoza phunziro, tsamba lathunthu, kenako pansi pake n'kufunsa kuti, "Tchulani zigawo za pulani ya phunziro." Nanga nkhaniyo tinailemberanji? Wophunzira amene analoweza notsi usiku akhoza funsolo asanawerenge ndi mzere umodzi womwe.

Tiyerekeze phunziro lotere. Giredi 4, masamu, mphindi 30, ana 52. Cholinga pa pulani chikuti pomaliza phunziro ana athe kusonyeza, popinda pepala, kuti 1/2 ndi wamkulu kuposa 1/4. Mphunzitsi watha mphindi 12 akufotokoza atayang'ana pa bolodi, msana kwa ana. Wafunsa kuti "Mwamva?" kalasi yonse n'kuti "Eee!" Kenako watulutsa mapepala 20, ndipo ana ayamba kulimbirana. Mphindi 5 zapita akuwakhazika pansi. Apinda mapepala kwa mphindi 8, koma akumbuyo alibe chopinda, ayamba kugendana ndi choko. Mphindi 5 zotsalazo wawapatsa ntchito yolemba: 1/4 + 1/4. Belu lalira.

Ndaona ena mukugwedeza mitu kumbuyoko. Mwamuzindikira mphunzitsiyu eti? Musamutchule dzina, mwina mwakhala naye benchi limodzi!

Funso loyamba limene ndingafunse ndi lakuti: phokoso linayamba pa mphindi iti, ndipo n'chiyani chimene chinasoweka pa pulani kuti liyambe? Apa wophunzira sangathawe, ayenera kubwerera m'nkhani muja. Wakhama aona kuti vuto linabadwa dzulo lake patebulo la mphunzitsi, pamene sanawerengere ana ndi mapepala. Ana 52 akakhala anayianayi ndi magulu 13. Mapepala anali okwanira, asanu ndi awiri n'kutsala. Yemwe wayankha kuti "ana ndi amwano, awalange" watiuza kuti sanaone kuti kusunga bata m'kalasi kumayambira pa pulani, ndipo yankho lakelo litithandiza kudziwa pomuwongolera.

Funso lachiwiri likhudze ntchito yolemba ija. Kodi 1/4 + 1/4 ikuyesa cholinga chimene chinalembedwa? Ayi, cholinga chinali kufanizira, ntchito ikufuna kuphatikiza. Tsono musalekere pa "inde kapena ayi", chifukwa woponya mwala mumdima akhoza theka la nthawi. Muuzeni alembe yekha ntchito ina yogwirizana ndi cholingacho. Akalemba kuti mwana ajambule mizere iwiri yofanana, wina augawe pawiri wina panayi, n'kunena chigawo chachikulu, ameneyo mupatseni malikisi onse.

Pa "Mwamva?" paja pali funso lachitatu. Mary Budd Rowe, pakafukufuku wake wa m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu mayankho a ana amatalika. Mufunseni wophunzira kuti m'malo mwa "Mwamva?" akanafunsa chiyani, akanadikira bwanji, akanaloza yani.

Abale anga okonza mayeso, ndikudzudzuleni pang'ono pa chikalata chochongera. Mumalemba yankho limodzi lokha, la inu eni. Wina akagawa ana awiriawiri n'kung'amba mapepala pakati kuti akwane, walakwa chiyani? Malikisi apite pa zinthu ziwiri: kuti watchula umboni wa m'nkhani, ndi kuti njira yake ingatheke m'mphindi 30 ndi ana 52. Komanso musathire zolakwa khumi m'nkhani imodzi. Zitatu n'zokwanira, ndipo muikemo chimodzi chimene mphunzitsiyo wachita bwino, monga kugwiritsa ntchito mapepala opinda, kuti tione ngati wophunzira angachizindikire.

Mawa mukamakambirana mafunso anu, bisani nkhaniyo ndi dzanja, mupatse mnzanu mafunso okha. Lililonse limene ayankhe asanaione nkhani, lifufuteni mulembe lina.

A wapampando, ndi mawu amenewa ndatsegulira msonkhano uno.