KODI ANALEMBA NDI MUNTHU KAPENA MAKINA?

Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Wokamba nkhani anayamba ndi funso. Mphunzitsi atalandira zimangirizo 40, ndipo 20 mwa izo zinalembedwa ndi makina olemba okha, kodi angathe kuzipatula? Ambiri m'nyumbamo anabvomera ndi mutu. Iye anawapempha ayambe amva zimene zinaoneka ku Amereka.

M'caka ca 2021 Elizabeth Clark ndi anzace a pa Yunivesite ya Washington anapatsa anthu timakalata tatifupi: nthano, nkhani za m'nyuzipepala ndi malangizo a kaphikidwe. Tina tinali ta anthu, tina ta makina ochedwa GPT-3. Pa mayankho 100 ali onse, olondola anali ngati 50. Munthu woponya kobiri m'mwamba, osawerenga ngakhale liu limodzi, akadakhoza cimodzimodzi.

Cifukwa cace, anatero wokambayo, si ulesi ai, koma kuti owerenga amayang'ana kolakwika. Makinawa anaphunzira pa zolemba zambirimbiri za anthu, ndipo nchito yao ndiyo kusankha liu loyenera kutsatira mau amene alembedwa kale. Cotero galamala ndi kusalala kwa ziganizo ndizo zimene amakhoza koposa. Koma woweruza wosazolowera amathamangira komweko, poyesa kuti makina amalemba mopunduka. Akaona ciganizo cosalala ati, "Uyu ndi munthu." Mnzace ataona ciganizo comweco ati, "Cakongola mopitirira, awa ndi makina."

Pamenepa wokambayo anakhalitsa. Mu 2023 Maurice Jakesch, Jeffrey Hancock ndi Mor Naaman anafalitsa zimene anapeza atayesa anthu 4,600 ndi mau amene munthu amalemba podzidziwitsa kwa ena, monga pofuna nchito kapena pofuna bwenzi. Olondola anali 50 kufikira 52 pa 100. Owerenga anakhulupirira kuti kalata yonena "ine", kapena yochula banja, yacokera kwa munthu. Komatu makina amalemba zotero mosabvuta. Anayesanso kuti zolakwa za galamala ndi cizindikiro ca makina, pamene zinapezeka kawirikawiri m'zolemba za anthu. (Apa aphunzitsi anaseka, pakuti ndani adziwa zolakwa za anthu koposa iwo?) Zizindikiro zothandizadi zinali kubwereza-bwereza ndi mau opanda tanthauzo. Ofufuzawo atasankha zolemba za makina zodzala ndi zimene anthu amakhulupirira, izo zinayesedwa za anthu kuposa za anthu enieni. Mphotho ya ndalama kwa okhoza sinathandize kweni-kweni.

Nanga maphunziro asintha ciani? Clark anayesa njira zitatu. Ena anangouzidwa zoyenera kuyang'ana ndi zonyenga. Ena anaonetsedwa makalata awiri oyamba ndi mau amodzimodzi, ina ya munthu ina ya makina. Ena anapatsidwa zitsanzo zitatu, nayankha okha, kenaka nauzidwa yankho loona ndi cifukwa cace. Njira yacitatuyi ndiyo inaposa, koma inangofika pa 55. Cimene cinasintha kwambiri ndi ciyembekezo cao: ataona kuti makina angalembe bwino, analeka kuwapeputsa nayamba kuwaganizira kawirikawiri.

Wokambayo anabwerera ku zimangirizo zija, nalemba masamu pa bolodi. Mphunzitsi wosaphunzitsidwa alakwa 20 mwa 40. Wophunzitsidwa ndi zitsanzo, wokhoza 55 pa 100, alakwa 18. Phindu lace ndi mapepala awiri cabe. Ndipo mwa 18 amenewo muli ana amene anakhala usiku pa koloboi kulemba ndi manja ao, nakanidwa malikisi cifukwa analemba bwino, kapenanso cifukwa analakwa monga alakwira ana onse. Iye anati kuli bwino kuitana mwanayo, kumfunsa tanthauzo la liu limene anagwiritsa nchito, ndi kumpempha alembe ndime ina mphunzitsi ali pomwepo.

Mphunzitsi wina anafunsa ngati palibe munthu ali yense wokhoza kuzindikira. Wokambayo anayankha kuti alipo. Mu 2025 Jenna Russell, Marzena Karpinska ndi Mohit Iyyer anayesa anthu asanu ozolowera kulemba ndi ChatGPT. Potsata yankho la ocuruka mwa asanuwo, nkhani imodzi yokha mwa 300 inaweruzidwa molakwa. Iwo anadziwa mau amene makina amakonda kubwereza, mamangidwe ofanana a ziganizo, ndi mathero aukhondo mopitirira. Nzeru imeneyi inadza pokhala nao makinawo nthawi yaitali, monga mbusa adziwira ng'ombe zace. Koma anacenjeza kuti zimene anaweruza asanuwo zinali nkhani zathunthu za Cingerezi zolembedwa ndi akulu, osati ndime ziwiri za mwana wa sukulu, ndiponso kuti anali asanu, pamene mphunzitsi wa kumudzi amaweruza yekha.