Ndalama Zosunga ndi Kukwera kwa Mitengo

Lero tikambirana za nankafumbwe amene amadya ndalama zathu ife osamuona. Nankafumbweyu ndiye kukwera kwa mitengo ya zinthu.

Tiyeni titenge chitsanzo. Tiyerekeze kuti mayi wina wagulitsa nandolo pa msika wa Limbuli napeza K100,000, pamene thumba la chimanga lili pa K25,000. Atagula tsiku lomwelo akadatenga matumba anayi, koma iye wabisa ndalamazo kunsi kwa mphasa. Chaka chatha, ndipo mitengo yakwera ndi K30 pa K100 iliyonse. Thumba lija tsopano lili pa K32,500. Ndalama zake nzokwanira monga anazisiyira, palibe wabapo, koma agula matumba atatu okha ndi kutsala ndi K2,500. Thumba lachinayi lapita kuti?

Mwina tinganene kuti akadaika ku banki. Tiyerekeze kuti banki yampatsa chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse pa chaka. M'buku mwake mulembedwa K110,000, ndipo iye asangalala kuti wapindula. Komatu matumba anayi aja tsopano akufuna K130,000. Waperewera ndi K20,000. Ndalama zachuluka, koma mphamvu yake yachepa.

Izi si nthano ayi. Akuluakulu akukumbukira kuti Kwacha itasiyidwa kuti idzipezere yokha mtengo mu 1994, mitengo inakwera ndi zoposa K80 pa K100 iliyonse m'chaka cha 1995. Mu Novembala 2023 Kwacha inatsitsidwanso mphamvu ndi K44 pa K100 iliyonse, ndipo mu 2024 mitengo inakwera ndi zopitirira pang'ono K30 pa K100.

Nanga tsono wosunga ndalama afune phindu lanji pa chaka? Choyamba timve mlingo wa kukwera kwa mitengo, umene ofesi ya boma yoona za kalembera ku Zomba imalengeza mwezi ndi mwezi. Mlingo umenewo ndiwo malire. Phindu lochepera pamenepo ndi kuluza, ndipo lofanana nawo ndi kungobweza zathu. Ngati mitengo ikukwera ndi K30, mayi uja afunika K130,000 kuti angoima pomwe anali. Kuti apinduledi K5 pa K100 iliyonse afunika K136,500, ndiye kuti phindu la pafupifupi K37 pa K100, msonkho ndi zodula za banki zitachotsedwa kale.

Tinene zoona, buku wamba la ku banki kawirikawiri silifika pamenepo. Choncho ndalama za matenda ndi maliro zikhale pafupi ngakhale zikuchepa mphamvu, koma za feteleza kapena malata tigulire zinthuzo msanga. Ku banki m'khonde, tsiku logawana tiwerenge zimene tinaponya ndi zimene talandira, ndipo tiziyese ndi muyeso womwewu. Koma tichenjere ndi aliyense wolonjeza kuwirikiza ndalama zathu pa mwezi umodzi, chifukwa kumeneko timataya ndi mpamba womwe.

Funso lokambirana m'magulu: ndalama zimene tinasunga chaka chatha zikadagula matumba angati nthawi imeneyo, nanga lero zingagule angati?