Thovu la M'botolo la Chakumwa

M'mwezi wa Okutobala munthu agula botolo la chakumwa chozizira ku Lusaka, nakwera basi ya ku Chongwe. Pofika, botolo lija lafunda, ndiponso lakhutchumuka m'njira monse. Akalitsegula, thovu lisefukira pansi, ndipo posachedwa chotsalacho chisanduka madzi a shuga chabe. Nanga chachitika n'chiyani?

Ku fakitale amapopera m'chakumwacho mpweya wotchedwa kaboni dayokosaidi, womwewo umene munthu autulutsa popuma. Mpweyawu usungunuka m'madzi monga mchere, magalamu 6 kufikira 8 pa lita imodzi, ndipo chitsekerero ndicho chiuletsa kuthawa.

Tsono madzi ofunda sagwira mpweya monga ozizira. Madzi a madigiri 30 asunga pafupifupi theka la mpweya umene madzi a madigiri 10 asunga. Kotero botolo lofunda likatsegulidwa, mpweya uthawa msanga, ndi ukali uja wa pa lilime utha.

Kukhutchumula kuli ndi mlandu wina. Pansi pa chitsekerero pali kampata kodzala mpweya. Botolo likagwedezeka, mpweyawo ugawika timathovu tosawerengeka m'kati mwa chakumwa. Potsegula, timathovuto tifufuma nthawi imodzi, mpweya wosungunuka nulowa m'menemo, ndipo tikankhira chakumwa kunja.

Komatu botolo lotsekeka bwino silinataye kanthu. Wanzeru aliimika pozizira maola angapo, kuti timathovu tikwere ndi mpweya usungunukenso. Pamenepo alitsegula pang'onopang'ono, namwa zonse zimene analipira.