Mpamba Uwerengedwe pa Katundu, Osati pa Ndalama



Akuluakulu muno akukumbuka chaka cha 1994 pamene boma linaleka kuikira kwacha mtengo wake, ndipo mu 1995 mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti oposa 80. Achinyamata anadzionera okha mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi maperesenti 44. Nthawi zotere wamalonda amatha kugwa uku akuganiza kuti akupindula.

Tiyerekeze kuti muli ndi golosale. Mwaoda belo la shuga la mapaketi 20 pa K50,000, ndipo thiransipoti yadya K2,000. Mukagulitsa paketi pa K3,000, mupeza K60,000. Buku likuuzani kuti phindu ndi K8,000, inu n'kuzitenga kukalipira fizi ya mwana.

Pobwerera kukaoda, mupeza belo lija lafika pa K58,000. M'thumba muli K52,000, ndipo mukachotsapo thiransipoti zitsala K50,000. Paketi tsopano ikuodedwa pa K2,900, choncho mutenga mapaketi 17 okha. Ndalama ija munaiyesa phindu inali mpamba. Zikachitika kanayi kapena kasanu, shelefu iyamba kuoneka matabwa.

Ndiye mfundo yanga ndi iyi: mtengo wogulitsira uchokere pa ndalama imene mukaodere katundu wina, osati imene munaodera amene ali pa shelefu. Funsani kooda sabata iliyonse. Belo likafika pa K58,000, ndiye kuti paketi yokabwezera pamalo, pamodzi ndi thiransipoti, ndi K3,000. Ngati mukufuna phindu la K400 pa paketi, gulitsani pa K3,400, ngakhale shugayo ndi wakale. Musadye kanthu mapaketi 20 aja asanabwerere pa shelefu. Zotsala pamenepo ndiye phindu.

Ngongole nayo muisamale. Munthu akatenga paketi lero n'kudzalipira patapita miyezi itatu, K3,000 yakeyo sidzagulanso paketi. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati simungakane, mpatseni masiku owerengeka. Ndalama zogulitsa nazonso zisagone m'kabati, kaodeni msanga.

Komabe njirayi ili ndi malire. Mnzanu wapafupi akakhala pa K3,000, makasitomala athamangira kwa iye. Musampikisane, chifukwa akudya mpamba wake. Inu kwezani pang'onopang'ono, ndipo muwauze ogula mtengo wa kooda. Kusandutsa ndalama kukhala katundu kumathandiza pa zinthu zokhalitsa ndi zoyenda malonda monga sopo, mchere ndi shuga. Tomato ndi buledi zikuwolerani.

Mukafika kunyumba, werengani katundu wanu, mulembe, ndipo mudzawerengenso mwezi wamawa. Ngati ndalama zachuluka koma mapaketi achepa, bizinesi ikubwerera m'mbuyo.