Masamba Khumi ndi Awiri pa Tsamba Limodzi

Nkhani ya lero ikukhudza ophunzira a kusekondale amene mayeso awayandikira, komanso makolo amene amaona ana awo akutembenuza makope usiku wonse koma m'mawa osakumbuka kanthu. Kawirikawiri vuto silikhala ulesi. Manotsi amene mwana amalemba m'kalasi amatsata m'mene mphunzitsi analankhulira tsiku limenelo, pamene mayeso amafunsa m'mene zinthu zinachitikira ndi zifukwa zake. Njira ziwirizi sizifanana, ndipo ntchito ya wophunzira ndi kusamutsa nkhani kuchoka m'njira yoyamba kupita m'njira yachiwiri, pa tsamba limodzi lokha.

Chitsanzo chake chikhale kope la mtsikana wina la phunziro la mbiri yakale, pa mutu wa m'mene dziko la Nyasaland linapezera ufulu wodzilamulira. Mutuwu unadya masamba khumi ndi awiri. Aphunzitsi ake anali odziwa ntchito, koma popeza anayamba mutuwu sabata ya pa 3 Malichi, anayambira pakati, pa zimene zinachitika mu 1959. Tsiku lachiwiri anabwerera ku 1944. Tsiku lachitatu mnyamata wina anafunsa za Chitaganya, ndipo yankho linatha phunziro lonse. M'kopemo muli mivi yoloza uku ndi uku, mawu ofupikitsidwa, mizere yofufutidwa, ndi theka la tsamba lopanda kanthu pa tsiku limene mtsikanayo anadwala malungo. Aphunzitsiwo sangadzudzulidwe kwenikweni, pakuti munthu wophunzitsa ana ochuluka amatsata pamene ana atsegula maso. Koma kope lotere silingawerengedwe usiku woti mawa mayeso.

Madzulo oyamba mtsikanayo salemba kanthu pa tsamba latsopano. Amalemba manambala pa masamba a kope, 1 mpaka 12, ndi kuwerenga onse kamodzi osaima. Akatha amadzifunsa kuti masamba onsewa akuyankha funso lanji. Mafunso a mayeso akale a bungwe la MANEB amathandiza pamenepa, chifukwa amaonetsa kafunsidwe kake: kutchula, kufotokoza zifukwa, kulongosola njira. Pa mutu uwu iye akupeza mafunso awiri aakulu. Loyamba, n'chifukwa chiyani anthu a ku Nyasaland anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland? Lachiwiri, dziko linadutsa masitepe otani kuchokera mu 1944 kufika mu 1964? Mafunso awiriwa ndiwo lichero lake. Chiganizo chilichonse cha m'kope chimene sichiyankha limodzi la iwo chili ngati gaga.

Kenaka amatenga pensulo n'kuyambanso kuwerenga, ulendo uno akuika zizindikiro m'mphepete. Pa chochitika chokhala ndi chaka amaika kamtanda. Pa chifukwa amaika kampira. Pa chimene sakuchimvetsa, kapena chimene chikutsutsana ndi china, amaika chizindikiro cha funso. Zotsala amazisiya osazikhudza. Pa tsamba 7 pali nkhani yokoma ya agogo a aphunzitsi amene anayenda pansi kukamvera msonkhano. Nkhaniyo inathandiza kalasi kumva kukoma kwa phunziro, koma pa tsamba lobwerezera ilibe malo.

Zizindikiro za funso ndizo zimafuna nthawi, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amathamanga. M'kope la mtsikanayu zatuluka zitatu.

Choyamba, tsamba 4 likunena kuti Chitaganya chinatha mu 1963, pamene tsamba 11 likunena 1964. Wophunzira wofulumira amasankha chaka chimene chikumveka bwino, nachiloweza. Mtsikanayu amatsegula buku la kalasi napeza kuti Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964. Zaka ziwirizo zinasakanikirana pokopera pa bolodi, chifukwa zochitikazo zangosiyana ndi miyezi isanu ndi umodzi. Cholakwa chimene chalowa pa tsamba lobwerezera n'choopsa kuposa chimene chili m'kope, chifukwa kope limawerengedwa kamodzi kapena kawiri, koma tsamba lija lidzawerengedwa kakhumi mpaka cholakwacho chitakhazikika m'mutu.

Chachiwiri, mawu oti Congress akupezeka pafupifupi pa tsamba lililonse, ngati kuti ndi chipani chimodzi. Zoona zake ndi ziwiri. Nyasaland African Congress inakhazikitsidwa mu 1944, mtsogoleri wake woyamba ali Levi Mumba, ndipo boma la atsamunda linailetsa mu Malichi 1959. Malawi Congress Party inakhazikitsidwa mu Seputembala chaka chomwecho motsogozedwa ndi Orton Chirwa, Dr. Hastings Kamuzu Banda ali m'ndende. Aphunzitsi polankhula ankadziwa chimene akutanthauza, koma kope silisunga zimene zinali m'mutu mwa mphunzitsi. Choncho pa tsamba latsopano chipani chilichonse chimalembedwa ndi dzina lake, ndipo ngati lafupikitsidwa, chifupikitsocho chimamasuliridwa pamwamba kamodzi.

Chachitatu ndi theka la tsamba lopanda kanthu lija. Pamwamba pake Dr. Banda ali m'ndende ku Gwelo, kumene lero kumatchedwa Gweru, m'dziko la Zimbabwe. Pansi pake chipani chake chapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961. Mpata wotere umadziwika ndi funso losavuta: kodi chochitika ichi chingabale chotsatiracho? Mkaidi sapambana chisankho popanda kanthu kena kuchitika pakati. Atabwereka kope la mnzake n'kufunsanso aphunzitsi, mtsikanayo akupeza zimene zinasowa. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin linatulutsa lipoti mu 1959 lokayikira zimene boma linkanena zoti panali chiwembu chopha azungu. Nduna yatsopano yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod, inaona kuti zokambirana sizingatheke Dr. Banda ali m'ndende, ndipo anamasulidwa pa 1 Epulo 1960. Pakati pa chaka chomwecho kunachitika msonkhano ku Lancaster House mu mzinda wa London, umene unabala malamulo atsopano opatsa anthu akuda mipando yambiri m'nyumba ya malamulo. Tsopano chisankho cha 1961 chili ndi mizu.

Madzulo achiwiri ndiwo a kulemba. Pepala ndi limodzi, lalikulu ngati la mayeso, ndipo lilembedwe mbali imodzi yokha. Pamwamba pamalembedwa mutu pamodzi ndi malire ake, 1944 mpaka 1964. Malirewa amathandiza kukana. Za John Chilembwe mu 1915 ndi za kukhala lipabuliki mu 1966 ndi zoona ndiponso zofunika, koma zili kunja kwa mpanda, ndipo zidzapeza tsamba lawo.

Pepalalo limapindidwa chotsika, mbali ya kumanzere yopapatiza, ya kumanja yotakata. Kumanzere kumatsika zaka m'ndondomeko yake, mizere khumi: 1944, 1953, Julayi 1958, Malichi 1959, Seputembala 1959, 1960, Ogasiti 1961, Febuluwale 1963, Disembala 1963, Julayi 1964. Kumanja, moyang'anana ndi chaka chilichonse, kumalembedwa chochitika m'mawu ochepa, ndi mawu enanso ochepa onena chimene chinatsatira. Mwachitsanzo, pa Malichi 1959 pamalembedwa kuti pa 3 Malichi Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya zoopsa, atsogoleri anamangidwa, chipani chinaletsedwa, motero panafunika chipani chatsopano. Mawu oti “motero” amenewo ndiwo amanyamula wophunzira kumfikitsa pa mzere wa Seputembala. Pa Febuluwale 1963 pamakwana kulemba kuti Dr. Banda anakhala nduna yaikulu, dziko litayamba kudziyendetsa pa za m'kati. Pambali pa Julayi 1958 ndi Julayi 1964 mtsikanayo amaika kanyenyezi, chifukwa zonse ziwiri zinachitika pa 6 Julayi, kubwera kwa Dr. Banda ndi ufulu wa Malaŵi, ndipo m'chipinda cha mayeso masiku ofanana amasinthana malo mosavuta.

Pansi pa zakazo pamajambulidwa kabokosi ka zifukwa zokanira Chitaganya. M'kope timipira tinali tisanu ndi tiwiri, koma powerenga bwino zikupezeka kuti aphunzitsi ananena chifukwa chimodzi kanayi m'mawu osiyana pa masiku osiyana. Zikaphatikizidwa zikutsala zinayi: mantha a tsankho la ku Southern Rhodesia, limene anthu ambiri opita kukagwira ntchito kumeneko analiona ndi maso awo, mantha otaya malo, kuopa kuti ufulu uchedwa mphamvu zikapita kwa azungu a ku Salisbury, ndi kukakamizidwa kulowa m'Chitaganya mafumu ndi anthu atakana. Chifukwa chilichonse chipatsidwe mzere wathunthu. Wolemba mawu amodzi okha, monga “malo”, amakhulupirira kuti adzakumbuka zonse, koma pakatha masabata atatu mawuwo sanenanso kanthu, ndipo funso loti afotokoze silipereka malikisi pa mawu amodzi.

Kumapeto kwa pepala kumasiyidwa malo a mizere itatu kapena inayi, olembamo mafunso awiri aja ndi manambala a masamba a kope kumene nkhani yatalika.

Tsamba likatha liyenera kuyesedwa, ndipo kuyesako kusachitike madzulo omwewo, pamene zonse zidakali zotentha m'mutu. Pakapita masiku awiri mtsikanayo amapinda pepala kuti aone zaka zokha, nafotokoza mokweza chochitika chilichonse ndi chotsatira chake. Ngakhale tsambalo lili m'Chingerezi monga mayeso afunira, kufotokozera m'bale wake m'Chichewa kumaulula msanga ngati wamva kapena wangoloweza. Pamene wagwa mphwayi amaika kadontho. Akatsegula pepala n'kukumbuka nthawi yomweyo, ndiye kuti vuto ndi kubwereza chabe. Koma akawerenga mzerewo n'kukhalabe osadziwa chimene ukutanthauza, mzerewo wafupikitsidwa mopitirira ndipo ulembedwenso.

Pali chinyengo chimodzi chimene ophunzira amadzichita okha. Amachepetsa zilembo mpaka masamba khumi ndi awiri onse atakwana pa limodzi, ngati nyerere pa shuga. Limenelo ndi kope lomwe lija, kungoti tsopano likuwawitsa maso. Muyeso wabwino ndi wakuti tsambalo liwerengeke lili patebulo, munthu atakhala mowongoka, m'mphindi zosapitirira zisanu. Likakana kukwana, kawirikawiri mutuwo uli ndi mitu iwiri m'kati mwake ndipo ugawidwe pawiri. Enanso amajambula tsamba la mnzawo pa foni n'kuganiza kuti ntchito yatha. Chithunzicho chingathandize kuyerekeza zaka, koma mwini tsamba anaphunzira pamene ankasankha, kutaya ndi kufunsa, ndipo zimenezo sizijambulika.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Imagwira bwino pa mbiri yakale, jogalafe, ulimi ndi bayoloje, kumene nkhani ili ndi ndondomeko ndi zifukwa. Pa masamu tsamba lingasunge malamulo ndi chitsanzo chimodzi chowerengedwa mpaka mapeto, koma sililowa m'malo mwa kuwerengera samu zambiri ndi dzanja. Ndipo kope lakale lija lisatayidwe. Funso lalitali likafuna tsatanetsatane wa msonkhano wa ku London, nambala ya pansi pa pepala idzamlozera mtsikanayo pa tsamba 9, pamene analembapo zimene anabwereka kwa mnzake.