Mapu a mitengo yathu aja, tiwajambulenso

Ndilankhule za mapu a mbande zomwe tinabzala m'mbali mwa mtsinje. Ndinajambula ndine, ndiye cholakwacho ndi changa. Mtengo wamoyo ndinauika kadontho kobiriwira, wouma kofiira, wodyedwa ndi mbuzi kabulawuni. Mnzathu wina atatenga pepalalo kuti akabwezeretse mitengo youma, anabwerera n'kunena kuti, "Aise, timadontho tonseti n'tofanana." Tinamuseka, koma sankanama ayi.

Pali anthu amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu ina. Si kuti amaona zakuda ndi zoyera zokha. Ambiri mwa iwo chimawavuta ndi kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, ndipo bulawuni amalowa m'gulu lomwelo. Nthawi zambiri munthu amabadwa nalo vutoli, ndipo limagwira kwambiri amuna. Ku Ulaya ndi pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12 alionse, pomwe akazi ndi mmodzi mwa 200. Kuno ku Africa chiwerengerocho n'chocheperapo, koma anthuwo alipo. Tsono onani, ine ndinasankha mitundu itatu yomwe ija imene imasokonezana, timadontho take n'kukhalanso tating'ono. Kadontho kakachepa, mtundu wake umavutanso kuuzindikira.

Ndiye tikonza bwanji? Chofiira ndi chobiriwira tizichotse, tiike buluu ndi olenji, chifukwa awiriwa amasiyana ngakhale kwa munthu wa vuto lija. Ojambula pa foni kapena pa kompyuta, lembani #0072B2 kuti mupeze buluu ndi #E69F00 kuti mupeze olenji. Wachitatu akhale wakuda basi. Koma chofunika kwambiri n'chakuti mitunduyo isiyanenso kuwala: wakuda ndi woderatu, buluu ali pakati, olenji ndi wowala. Mitundu iwiri ikhoza kukhala ndi mayina osiyana, koma ikadera mofanana mwagwa nayo.

Komanso mtundu usagwire ntchito wokha. Mtengo wamoyo ukhale kabwalo kabuluu kodzaza, wodyedwa ndi mbuzi ukhale thirayango ya olenji, wouma ukhale mtanda wakuda. Mtandawo ngakhale mwana adziwa kuti apa pafa kanthu. Musachulutse maonekedwe, chifukwa kabwalo ndi kabokosi zikachepa kwambiri zimafanananso. Tikamapanga tchati chosonyeza kuchuluka kwa gulu lililonse, mawu akuti "youma" tiwalembe pamzati wake penipeni, osati m'kabokosi kapambali koti munthu azifananiza mitundu.

Mudziwa bwanji kuti mwakhoza? Jambulani pepalalo ndi foni, chithunzicho muchisinthe chikhale chakuda ndi choyera, kapena mungochita fotokope. Ndinayesa ndi mapu akale aja: wouma ndi wamoyo yonse inangosanduka timadontho totuwa, ineyo osatha kuisiyanitsa. Kuyesaku sikukuonetsani ndendende zomwe mnzathu uja amaona, koma magulu atatu akaonekabe popanda mtundu, ndiye kuti iyenso awaona. Mapu atsopano ndibweretsa Loweruka, ndipo woyamba kuwaona akhala iyeyo.