Chidule Chimene Akulu Angachikhulupirire

Mu 2024 boma la Zambia linachedwetsa kutsegula sukulu kufikira pa 12 Febuluwale chifukwa cha kolera, amene anasautsa Lusaka koposa. Pa nyengo yotere akulu a maphunziro sangathe kuwerenga lipoti lonse la sukulu iliyonse. Aweruza potsata chidule cha patsamba loyamba.

Nali fanizo. Mphunzitsi wamkulu wina ku Northmead walemba masamba 10 onena za madzi ndi zimbudzi. Chidule chake chiyambe ndi pempho: "Sukulu isatsegulidwe zimbudzi zisanakonzedwe." Pamenepo chitchule chifukwa chake: "Mwa zimbudzi 12, zabwino ndi 5 zokha, ndipo amisiri afuna masiku 6." Manambalawo afanane ndithu ndi a m'lipoti, pakuti mkulu akapeza kusiyana kumodzi adzakayika zonse. Choipa chisabisike patsamba 9. Ngati madzi sanayesedwe, chidule chinene poyera, kuti mkulu angatsegule sukulu mosadziwa, ana nadwala.

Potsiriza, wolembayo apatse chidulecho mphunzitsi mnzake amene sanaone lipoti. Mnzakeyo akalephera kunena chimene chipemphedwa ndi chifukwa chake, chilembedwenso.